Kalata imene imafika ntchito isanayambe

Munthu akapambana mayeso a ntchito, chimwemwe chimatha msanga ndipo mafunso amayamba. Lolemba ndikafike nthawi yanji? Pageti ndikanene kuti ndikufuna ndani? Nditenge mapepala ati? Imelo yolandira wantchito watsopano imalembedwa kuti iyankhe mafunso amenewa, ndipo nthawi zambiri amaitumiza ndi a ofesi yoona za ogwira ntchito kutatsala sabata imodzi kuti munthuyo ayambe.

Tiyerekeze mtsikana wokhala ku Area 25 mu Lilongwe amene walembedwa ukalaliki wa zandalama pakampani ina ku Kanengo. Mutu wa kalata yake uyenera kunena kale nkhani yonse: kuti ndi dongosolo la sabata yoyamba, ndi tsiku loyambira. Mawu omulandira akhale chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Kenaka pabwere tsiku, ola ndi malo. Kungolemba kuti "ku ofesi yathu ya ku Kanengo" sikuthandiza, chifukwa Kanengo ndi dera lalikulu la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Wolemba wodziwa ntchito amatchula siteji yotsikira minibasi, msewu wokhotera, mtundu wa geti, ndi dzina la munthu woti akamutchule kwa alonda. Alondawonso auzidwe. Apo ayi, mtsikanayo adzakhala pabenchi kunja, envulopu ili pamiyendo, alonda akuimbira foni anthu amene sanafike.

Gawo lofunika kulilemba mofatsa ndi la zinthu zotenga, chifukwa ndi limene limakhudza malipiro. Choyamba ndi chiphaso cha unzika, chimene Amalawi ambiri adalembetsa mu 2017, pamodzi ndi fotokope yake ya mbali zonse ziwiri. Masatifiketi abwere enieni, popeza amene adatumizidwa pofunsira ntchito anali mafotokope chabe. Pafunikanso nambala ya akaunti ya kubanki ndi dzina la nthambi yake, komanso nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA. Amene adagwirapo ntchito kwina abweretse nambala yake ya penshoni, kuti ndalama zakale zitsatike.

Penshoniyo ili ndi fomu imene imadzidzimutsa ambiri. Lamulo limati bwana aziikapo 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, koma wantchitoyo ayeneranso kulemba maina a anthu odzalandira ndalamazo iye atamwalira, ndi gawo la aliyense. Imeneyi si nkhani yoganizira munthu ali chilili pakauntala. Kalata ikanena pasadakhale, mtsikana wathu adzakhala atakambirana ndi akunyumba, atalembanso masiku obadwa a anthuwo.

Ndiye pali tsiku limene a zandalama amatseka ndandanda wa malipiro. Tinene kuti pakampaniyi amatseka pa 15, ndipo mtsikanayo wayamba pa 10. Ngati alibe akaunti, kapena dzina la kubanki likusiyana ndi la pachiphaso, mwina chifukwa kwina kuli la bambo ake kwina la mwamuna wake, masiku asanu sangakwane kukonza zonse. Dzina lake likaphonya ndandanda, malipiro oyamba akhoza kudikira mwezi wotsatira, pamene lendi ndi ndalama ya minibasi sizidikira. Chiganizo chimodzi chotchula tsikulo chimapewetsa zonsezi, koma n'chimene olemba ambiri amaiwala.

Dongosolo la sabatayo lisachite kutalika. Lolemba ndi la mafomu, kuzungulira maofesi ndi kulandira kompyuta. Lachiwiri ndi lokhala pansi ndi woyang'anira kumva ntchito yeniyeni. Masiku otsalawo aphunzire pambali pa mnzake wakale. Atchulenso ola loweruka, zovala zoyenera, ndiponso ngati pali kantini kapena abwere ndi chakudya chake.

Anthu owaimbira asapitirire atatu: woyang'anira, wa ofesi ya ogwira ntchito, ndi woona za makompyuta, aliyense ndi nambala yake komanso nkhani yomufunsa. Mndandanda wa mabwana khumi umangomusiya munthu osadziwa woyambira.

Zolakwika zina n'zazing'ono koma zimapweteka. Ena amatumiza kalatayo ku adiresi ya imelo ya kuntchito, imene mwiniwake sanapatsidwe n'komwe. Ena amaphatikizapo mabuku olemera, kuiwala kuti wolandirayo akuwerenga pafoni ndi bandulo yochepa. N'chifukwa chake kalata imalizike ndi pempho loti ayankhe kuti wailandira. Pakadutsa masiku awiri kuli zii, wina amuimbire.

Kalatayi sikuti ilowa m'malo mwa mgwirizano wa ntchito. Lamulo la zolemba anthu ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti bwana apereke chikalata chofotokoza malipiro ndi maola pasanathe mwezi munthu atayamba. Ndipo kalata yolandira ikafika ndi pempho loti munthu atumize ndalama pafoni zogulira yunifolomu kapena zotsegulira fayilo, wolandirayo ayambe waimbira kampaniyo pa nambala imene waipeza yekha, osati imene yalembedwa m'kalatamo.