Chithokomiro Chikafooka, Magazi Ndiwo Amanena Mlingo wa Mankhwala

Pali kutopa kwina kumene sikutha ngakhale munthu agone usiku wonse. Kukacha thupi limakana kudzuka. Mu Okutobala, anzake akusaka mthunzi, iye amakhala atavala juzi. Kuchimbudzi amapita patadutsa masiku angapo, khungu limauma n'kumatuwa, tsitsi limatsalira pachipeso, mawu amasasa, ndipo m'mawa zikope zimakhala zotupa. Thupi limanenepa pang'onopang'ono chonsecho sakudya kwambiri. Kwa amayi, msambo umatha kuchuluka kapena kusokonekera, ena mimba imavuta kutenga. Pakhomo amati ndi ulesi kapena ukalamba. Kuchipatala amamuyeza malungo, shuga ndi kuchepa kwa magazi, n'kubwerera ndi mankhwala opha ululu. Ena mwa anthu otere vuto lawo lili pakhosi, m'kachiwalo kotchedwa chithokomiro.

Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi, kumunsi kwa kholingo, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera magalamu pafupifupi 20. Chimatenga ayodini wa m'zakudya n'kupanga mahomoni amene pa pepala la kulabotale amalembedwa kuti T4 ndi T3. Mahomoniwa ndiwo amaika liwiro la thupi: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kuyenda kwa matumbo, ngakhale changu cha maganizo. Akachepa, zonsezi zimayenda mwaulesi. Matendawa amabwera mozemba, pa miyezi kapena zaka, n'chifukwa chake mwiniwake amangozolowera osazindikira kuti akudwala. Amagwira kwambiri akazi kusiyana ndi amuna, makamaka msinkhu ukamapita.

Padziko lonse, chifukwa chachikulu ndi kusowa kwa ayodini m'zakudya. Munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 150 patsiku, mayi woyembekezera 250. Ayodini akasowa, chithokomiro chimakula poyesa kukoka wochepa yemwe alipoyo, ndipo ndicho chotupa cha pakhosi chimene ambiri timachidziwa. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutoli kumene ayodini ndi wochepa kale. Ichi n'chifukwa chake mchere wa m'mapaketi umathiridwa ayodini. Koma kumene mchere wotere wafika, chifukwa chimene chimatsala patsogolo ndi matenda a Hashimoto, omwe dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912. Apa chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuwononga chithokomiro cha mwiniwake. Matendawa amayenda m'magazi a pabanja, ndipo kuwonjezera mchere sikungawachize. Ndikunena izi motsindika chifukwa pali anthu amene akangomva za chithokomiro amathamangira kugula mankhwala owonjezera ayodini, osadziwa kuti kwa wodwala Hashimoto ayodini wochuluka akhoza kuonjezera vuto.

Ena chithokomiro chimafooka atachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa cha pakhosi, kapena atalandira mankhwala ochepetsa mphamvu ya chithokomiro chimene chinali chothamanga kwambiri. Mankhwala a lithiyamu, a matenda a maganizo, ndi amiyodaloni, a mtima, nawonso amatha kuchifoola. Palinso kutupa kwa chithokomiro kumene kumagwira amayi ena m'chaka choyamba atabereka, komwe kwa ambiri kumatha pakokha koma kwa ena kumakhazikika.

Zizindikiro zokha sizingatsimikize matendawa, popeza kutopa ndi kunenepa zili ndi zifukwa zambirimbiri. Chotsimikiza ndi kuyeza magazi, ndipo muyeso woyamba ndi wa TSH. Apa ndi pamene odwala ambiri amasokonezeka. TSH sichokera m'chithokomiro, imachokera m'kachiwalo kena kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo, ndipo ntchito yake ndi kulamula chithokomiro kuti chigwire ntchito. Zili ngati woyendetsa ngolo: ng'ombe zikafooka amakuwa kwambiri, zikamathamanga amangokhala chete. Choncho TSH ikakwera ndiye kuti chithokomiro chafooka, ndipo ikatsikitsitsa ndiye kuti mahomoni achuluka m'thupi. M'malabotale ambiri, TSH yabwino imakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0, ngakhale malirewa amasiyana pang'ono malinga ndi makina. Dokotala akapeza TSH yokwera ndi T4 yotsika, matenda atsimikizika. TSH ikangokwera pang'ono T4 ili bwinobwino, nthawi zambiri amayamba wabwereza kuyeza pakatha miyezi 2 kapena 3, chifukwa ina imatsika yokha. Ikapitirira 10 kawiri konse, madokotala ambiri amayambitsa mankhwala.

Mankhwala ake ndi levothayirokisini, amene papaketi amalembedwa kuti Levothyroxine. Ndi T4 yemweyo wopangidwa kufakitale, wolowa m'malo mwa amene thupi likulephera kupanga. Mapiritsi ofala ndi a 25, 50 ndi 100 mcg, ndipo mcg ndi mamayikulogalamu, osati mamiligalamu. Kwa munthu wamkulu amene sanakalambe ndipo mtima wake uli bwino, mlingo wokwanira umakhala pafupifupi 1.6 mcg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Koma chiwerengerochi ndi poyambira chabe.

Tiyerekeze mayi wa zaka 42, wolemera makilogalamu 60, amene wapezeka ndi TSH ya 38 ndi T4 yotsika. Tikachulukitsa 60 ndi 1.6 tipeza 96, ndiye kuti mlingo wake ungadzathere cha pa 100 mcg. Dokotala wina angamuyambitse pomwepo, wina angasankhe kuyambira pansi pang'ono. Tinene kuti wake wamuyambitsa pa 75 mcg, n'kumuuza kuti abwerenso pakatha masabata 6. Sabata yoyamba mayiyu sakumva kusintha kulikonse, ndipo mumtima akuganiza zomamwa mapiritsi awiriawiri. Asayerekeze. Mankhwalawa amakhalitsa m'magazi: pamatenga masiku pafupifupi 7 kuti theka la mlingo umodzi lithe m'thupi, choncho pamafunika masabata 5 kapena 6 kuti adzaze n'kukhazikika, TSH n'kutsatira pambuyo. Kuyeza magazi pa sabata yachiwiri ndi kutaya ndalama, ndipo kusintha mlingo potengera zotsatira zimenezo ndi kulakwitsa.

Pa sabata ya 6 mayiyu wayamba kupepukidwa, m'mimba mwamasuka, juzi wavula. TSH yafika pa 9. Yatsika kwambiri, koma idakali pamwamba pa malire, ndiye dokotala akuwonjezera 25 mcg kuti azimwa 100. Mlingo umasunthidwa pang'onopang'ono chonchi, ndi 12.5 kapena 25 mcg, kenako kudikiranso masabata 6 mpaka 8. Ulendo wotsatira TSH ili pa 2.1. Apa mlingo wapezeka. Adzayezanso pakatha miyezi ingapo, kenako kamodzi pachaka. Khungu ndi tsitsi zimachedwa, zimatha kutenga miyezi kuti zibwerere m'chimake, ndipo kulemera kumene kumachoka nthawi zambiri ndi makilogalamu ochepa chabe, makamaka madzi amene anadzaza m'thupi.

Mayi yemweyu akanakhala wa zaka 70, kapena wodwala mtima, njira ikanakhala ina. Akanayambira pa 25 mcg n'kumakwera mwapang'onopang'ono, chifukwa mtima umene wazolowera kuyenda mofatsa ukafulumizitsidwa mwadzidzidzi umatha kupweteka pachifuwa kapena kusokonekera kagundidwe.

Patha chaka, mayi uja wabwera kudzayezetsa ndipo TSH yakweranso kufika pa 11. Dokotala wodziwa ntchito sathamangira kuwonjezera mapiritsi, amayamba wafunsa. Kodi mumadumphitsa masiku? Mumamwa nthawi yanji, ndi chiyani? Pali mankhwala ena atsopano? Pofunsana, zikudziwika kuti miyezi 3 yapitayo anapatsidwa mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, ndipo amamwera limodzi onse m'mawa, n'kutsitsira ndi tiyi wamkaka. Ayironi amamatirira levothayirokisini m'matumbo, wambiri n'kutuluka osalowa m'magazi. Chimodzimodzi mapiritsi a kashiamu ndi mankhwala a chilungulira, aja otafuna kapena oyera ngati mkaka. Khofi, mkaka ndi phala la soya nazonso zimachepetsa kulowa kwake. Chofunika kusintha apa si mlingo, koma nthawi. Piritsi la chithokomiro alimwe akangodzuka, m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, adikire mphindi 30 mpaka 60 asanadye. Ayironi amwe patadutsa maola 4, mwina pa nkhomaliro. Amene m'mawa zimawavuta akhoza kumwa pogona, bola papite maola 3 chidyereni mgonero, ndipo akasankha nthawi asamaisinthesinthe.

Pali mankhwala ena amene amafulumizitsa chiwindi kuphwanya levothayirokisini, moti mlingo umafunikadi kukwera. Odziwika ndi rifampisini wa chifuwa chachikulu, komanso mankhwala a khunyu monga kabamazepini, fenitoini ndi fenobabitoni. Woyamba mankhwala a TB anene msanga kuti amamwa za chithokomiro, ndipo akamaliza akayezetsenso, chifukwa mlingo umene unakwezedwa ungafunike kutsika.

Mimba ndiyo siyembekeza. M'miyezi yoyambirira mwana amadalira mahomoni a mayi ake kuti ubongo wake ukule, ndipo thupi la mayi limafuna mlingo wokwera ndi pafupifupi 25 mpaka 30 pa 100 alionse kuyambira pachiyambi penipeni. Madokotala ambiri amalangiza kuwonjezera mapiritsi 2 pa sabata mimba ikangodziwika, n'kumayeza TSH masabata 4 alionse mpaka pakati pa mimba. Mankhwalawa savulaza mwana. Chovulaza ndi kuwasiya. Ndipo popeza kusikelo amapereka ayironi, lamulo la maola 4 lija limakhala lofunika kwambiri. Mayi akachira, kawirikawiri amabwerera pa mlingo wake wakale.

Mlingo ukachuluka thupi limanena: mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta limachuluka, tulo timasowa, ndipo TSH imatsika pansi pa malire. Zikatenga zaka, mafupa amafooka ndipo mtima umasokonekera kagundidwe, makamaka kwa okalamba. Amene amamwa mankhwalawa pofuna kuonda, chithokomiro chawo chili bwinobwino, akudziika pa ngozi yomweyi. Kusiyiratu nako n'koopsa. Poti mankhwala amakhalitsa m'magazi, munthu amamva bwino kwa masabata angapo n'kuganiza kuti wachira, kenako zonse zimabwerera. Kwa okalamba amene akhala nthawi yaitali opanda mankhwala, makamaka m'nyengo yozizira kapena akadwala chibayo, thupi limatha kuzizira, maganizo kusokonekera mpaka kukomoka. Wotere athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa odwala Hashimoto ambiri ndi onse amene anachotsedwa chithokomiro chonse, mankhwalawa ndi a moyo wonse. Mukaiwala tsiku limodzi musade nkhawa, pitirizani monga mwa nthawi zonse. Sungani mapiritsi pouma ndi pozizira bwino, kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo kapezeni ena akale asanathe. Zipatala zing'onozing'ono zambiri siziyeza TSH, choncho funsani msanga kumene mungakayezetse. M'buku lanu la kuchipatala muzionetsetsa kuti mwalembedwa tsiku, zotsatira za TSH ndi mlingo umene munkamwa pa nthawiyo, chifukwa dokotala aliyense amene mungakumane naye adzayambira pamenepo.