Maimelo awiri pa foni imodzi: kalata ichoke pa adiresi iti?

Pulogalamu ya imelo ya pa foni kapena pa kompyuta imatha kusunga maakaunti angapo nthawi imodzi. Munthu amene ali ndi adiresi yakeyake komanso ina ya kuntchito safunika kutuluka mu ina kuti alowe mu inzake. Koma kuika maakaunti awiri mu pulogalamu imodzi sikuwasandutsa akaunti imodzi. Iliyonse imakhalabe ndi pasiwedi yake, seva yake ndiponso malo ake osungira makalata. Pulogalamuyo imangowaonetsa moyandikana, ngati makiyi a nyumba ziwiri omangidwa pa chingwe chimodzi.

Mu pulogalamu ya Gmail ya pa foni za Android, akaunti yachiwiri imalowetsedwa podina kachithunzi kozungulira kamene kali pakona yakumanja, pamwamba, kenako n'kusankha "Add another account". Pamabwera mndandanda wa mitundu ya imelo monga Google, Outlook ndi Yahoo, ndipo pansi pake pamakhala "Other". Mitundu yodziwikayi imangofuna adiresi ndi pasiwedi basi. "Other" ndi ya imelo ya kampani kapena bungwe limene lili ndi seva yakeyake, ndipo apa pulogalamu imafunsa maseva awiri. Yoyamba ndi yolandirira makalata, imene kawirikawiri imakhala ya IMAP pa poti 993. Yachiwiri ndi yotumizira, ya SMTP, pa poti 587 kapena 465. Mayina a maseva amenewa amaperekedwa ndi amene amayang'anira imelo ya bungwelo. Kusiyana kwa maseva awiriwa kumathandiza pofufuza vuto: ngati makalata akufika bwinobwino koma olembedwa akungokhala mu "Outbox" osachoka, chimene chalakwika ndi mbali ya SMTP, osati akaunti yonse.

Maakaunti akalowa onse, makalata amatha kuwerengedwa padera kapena pamodzi posankha "All inboxes". Kuwerenga sikuvuta. Nkhani yagona pa kutumiza.

Kalata iliyonse yatsopano imakhala ndi mzere wa "From" pamwamba pa mzere wa "To", ndipo pulogalamu imaikapo adiresi yokha munthu asanasankhe. Poyamba kalata yatsopano, imaika adiresi ya akaunti imene yatseguka pa nthawiyo. Poyankha kalata, imaika ya akaunti imene inalandira kalatayo. Kudina pamzerewo kumaonetsa maadiresi onse, ndipo kusintha kumatheka kalata isanatumizidwe. Maso a wolemba amathamangira pa "To" ndi pa uthenga, motero mzere wa "From" ndi umene suyang'anidwa kwenikweni, chikhalirecho ndi umene umalamula zinthu zitatu: seva imene kalata idzerepo, akaunti imene isunge kope lake mu "Sent", ndiponso kumene yankho lifikire.

Chitsanzo ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi amene ali ndi adiresi yake ya Gmail ndi ina ya kopaletiviyo pa foni imodzi. Madzulo anali kuwerenga makalata a achibale pa adiresi yake. M'mawa mwake akujambula invoisi ya feteleza, n'kudina "Share" pa chithunzicho, n'kusankha Gmail. Kalata ikutseguka chithunzi chili kale m'kati, iye akulemba adiresi ya wogulitsa n'kutumiza. Popeza sanadzere mu bokosi la kopaletivi, pa "From" pakhala adiresi yake ija. Wogulitsa akuyankha komweko, mlembi akuyankhanso, ndipo makambirano onse a mtengo akupitirira pa adiresi yolakwika popanda woona, chifukwa mu "All inboxes" makalata onse amaoneka pamndandanda umodzi. Vuto likudzaonekera pakapita miyezi, msungichuma akatsegula akaunti ya kopaletivi pa kompyuta ya mu ofesi n'kupeza kuti mu "Sent" mulibe kalikonse kokhudza fetelezayo. Mlembiyo akadzachoka pa udindo, makalatawo adzapita naye.

Kukonza kwake kuli pawiri. Makalata akalewo atumizidwe ku adiresi ya kopaletivi ndi "Forward" kuti akhale m'kaundula wake, kenako wogulitsa alemberedwe kalata yatsopano yochokera pa adiresi yoyenera. Kungomuuza kuti azilembera kwina sikukwanira, pakuti anthu ambiri amangodina "Reply" pa kalata yomaliza imene analandira. Popewa kubwereza, pali njira yosavuta: akaunti iliyonse ikhale ndi siginecha yakeyake komanso chithunzi chosiyana ndi cha inzake, kuti kalata yolakwika izidziwika msanga. Kalata ikangochoka, Gmail imaonetsa "Undo" kwa kanthawi kochepa. Pa kompyuta nthawiyi imatha kuikidwa pa masekondi 5, 10, 20 kapena 30, ndipo kwa munthu wa maadiresi awiri 30 ndiyo yanzeru.

Pali njira inanso imene ambiri amaisokoneza ndi yoyambayi. M'malo moika maakaunti awiri moyandikana, akaunti imodzi imaloledwa kutumiza makalata m'dzina la adiresi ina. Mu Gmail ya pa kompyuta zimenezi zimapezeka pa "Settings", "See all settings", "Accounts and Import", pa gawo la "Send mail as". Wowonjezera adiresi ayenera kutsimikiza kuti ndi yake kudzera pa uthenga umene umatumizidwa ku adiresiyo. Zikatero, adiresiyo imaoneka pa mzere wa "From", koma kope la kalata limasungidwa mu akaunti imene munthu walemberamo. Pa gawo lomweli pali mizere iwiri yosankhapo: "Reply from the same address the message was sent to" ndi "Always reply from default address". Woyambawo umachititsa kuti kalata yobwera ku adiresi ya ntchito iyankhidwe ndi adiresi ya ntchito. Wachiwiriwo umayankha chilichonse ndi adiresi imodzi, ndipo ndi umene umaulula adiresi ya munthu payekha kwa makasitomala iye osadziwa.

Njira yachiwiriyi ili ndi malire ake. Maseva olandira makalata amafufuza ngati kalata yadzera pa seva imene eni dzina la adiresiyo anailoleza, pogwiritsa ntchito malamulo otchedwa SPF, DKIM ndi DMARC. Kalata yolembedwa kuti ikuchokera ku bungwe koma yadzera pa seva ina imatha kuponyedwa mu "Spam" kapena kubwezedwa. Chizindikiro chake n'chakuti wolandira pa Gmail amaona mawu akuti "via" pafupi ndi dzina la wotumiza, ndipo pa Outlook nthawi zina amaona "on behalf of". Mankhwala ake ndi kuonetsetsa kuti adiresi iliyonse ikutumiza kudzera pa SMTP yakeyake.

Pasiwedi nayo imakana nthawi zina ngakhale yalembedwa molondola. Akaunti ya Google imene ili ndi "2-Step Verification" silola pasiwedi yamasiku onse pa bokosi la SMTP. Imafuna pasiwedi yapadera ya zilembo 16 yotchedwa "App password", imene imapangidwa mu akauntiyo ndipo imaoneka kamodzi kokha. Mwini akaunti akadzasintha pasiwedi yake yaikulu, yapaderayo imafa, ndipo makalata a adiresi imeneyo amasiya kuchoka mpaka itapangidwa ina n'kulembedwanso pa malo a SMTP.