Mwalipira mochedwa, koma nanunso muli ndi dandaulo

Tiyerekeze mayi wa lesitilanti ku Limbe amene amaoda mathireyi 20 a mazira Lachisanu lililonse kwa mlimi wina, n'kumalipira pakatha masiku 14. Ulendo uno walipira patatha masiku 24. Ndalama yalowa, koma Lachisanu lotsatira mazira osaoneka, foni osaimbidwa. Atapsa mtima, mayiyo walemba kuti: "Ndalama zanu ndinakupatsani, ndiye vuto n'chiyani? Mwandichititsa manyazi. Ogulitsa mazira ndi ambiri."

Dandaulo lake ndi loona, koma uthengawu wadumpha masiku 10 aja ngati sanachitike, pamene mlimi akuwakumbukira bwino. Nkhuku zimadya tsiku ndi tsiku, ndipo alimi ang'onoang'ono ambiri amagula chakudya chake ndi ndalama ya pamanja. Mwina masiku amenewo anachita kukongola. Munthu wotere mukamuopseza kuti mupita kwina, akhoza kungopumira m'mwamba, popeza kasitomala wochedwetsa ndalama wadzichotsa yekha.

Choncho pokonza uthengawu, kulakwa kwanu kukhale koyamba, ndipo kutchulidwe ndi manambala ake. Pepesani kamodzi, osaonjezera "koma" kapena nkhani yaitali ya mavuto a bizinesi. Mukatero mpamene dandaulo lanu limamveka. Apanso sankhani bwino: mlimi anali ndi chifukwa choimitsira katundu, cholakwika n'chakuti sananene. Dandaulani pa chokhacho.

"Bambo, mwaswera bwanji? Ndalama ya mathireyi 20 inayenera kukupezani pa 5, ine ndatumiza pa 15. Ndinakuchedwetsani masiku 10, pepani. Uthenga wa Mpamba wotsimikiza ndi uwu. Lachisanu mazira sanabwere ndipo simunandidziwitse, moti ndinakagula odula kumsika. Mukafuna kuimitsa katundu, chonde muzindiuza pofika Lachitatu. Maoda awiri akubwerawa ndilipira theka tsiku lolandira, theka lotsala pakatha masiku 7. Kodi Lachisanu lino ndiyembekezere mathireyi 20? Mundiyankhe pofika mawa madzulo."

Ulemu ulipo, koma mayiyu sanagonje. Wanena chimene chinamupweteka, wapempha chinthu chimodzi, waikanso nthawi yoyankhira. Kwa ine, chiganizo cholemera kwambiri ndi cha theka la ndalama, chifukwa mlimi amene wachedwetsedwa kale sakhulupirira mawu okoma okha. Kungoti musalonjeze zimene thumba lanu silingakwanitse. Mukaphonyanso tsiku lomwe mwatchula nokha, polemba, ngongole mwina simudzapatsidwanso.

Ena pofuna kufewetsa amapitirira muyeso: "pepani" katatu, dandaulo n'kusowa. Musanatumize, werengani ngati ndinu mlimiyo. Kodi mukudziwa chimene akukupemphani ndi tsiku lake? Ngati ayi, uthengawo sunapse. Mawa madzulo likakwana kuli zii, musalembe wachiwiri. Imbani foni, ndipo Lachisanu limenelo konzekeranitu kogula kwina.