Madayisi 120 ndi chinsinsi cha hafulaifu

Mutu wa hafulaifu mu Fizikisi umasokoneza ophunzira ambiri chifukwa umanena zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Palibe angadziwe nthawi imene atomu imodzi idzasweke, komabe tikhoza kunena molondola nthawi imene theka la maatomu onse lidzakhale litasweka. Madayisi amene timasewerera ludo akhoza kutionetsa kuti zonsezi ndi zoona.

Kodi hafulaifu n'chiyani?

Pali maatomu ena amene nyukiliyasi yawo ndi yosakhazikika. Nthawi ina iliyonse nyukiliyasiyo imasweka yokha, n'kutulutsa cheza, ndipo atomuyo imasanduka ya mtundu wina. Hafulaifu ndi nthawi imene imapita kuti theka la maatomu osakhazikika amene alipo lisweke. Ayodini-131, amene madokotala amachiritsira matenda ena a chithokomiro, hafulaifu yake ndi masiku pafupifupi 8. Ya kaboni-14 ndi zaka 5,730. Ya yureniyamu-238, mtundu wochuluka kwambiri m'miyala ya yureniyamu ngati ya ku Kayelekera m'boma la Karonga, ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Tichite bwanji ndi madayisiwo?

Pezani madayisi 120, chidebe chowagwedezera, thebulo ndi kope. Dayisi aliyense akuimira atomu imodzi yosasweka. Gwedezani onse pamodzi n'kuwakhuthulira pathebulo. Dayisi aliyense amene waonetsa 6 “wasweka”, choncho muchotseni mumuike pambali. Werengani otsala, lembani chiwerengero chawo, muwabwezere m'chidebe, muponyenso. Bwerezani kakhumi kapena kuposerapo.

Madayisi 120 ndi ovuta kupeza pasukulu. Ngati muli nawo 20 okha, chitani ntchito yonseyi maulendo asanu ndi limodzi, kenaka muphatikize otsala a kuponya koyamba paokha, a kuponya kwachiwiri paokha, mpaka kumapeto. Kalipentala akhozanso kukudulirani timatabwa tofanana mbali zonse zisanu ndi imodzi, inu n'kupaka inki mbali imodzi.

Tiyembekezere manambala otani?

Dayisi ali ndi nkhope zisanu ndi imodzi, ndiye pa kuponya kulikonse pafupifupi dayisi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amachoka. Pa 120, kuponya koyamba kumachotsa pafupifupi 20, kutsala 100. Kwachiwiri sikuchotsanso 20, chifukwa tsopano tikugawa 100 ndi 6. Achoka pafupifupi 17, kutsala 83. Mukapitiriza motero otsala amayenda chonchi: 69, 58, 48, 40, 33, 28.

Tsopano funani pamene 120 yafika pa theka lake, 60. Pa kuponya kwachitatu tinali ndi 69, pa kwachinayi 58, ndiye theka lafika kuponya kwachinayi kutangotsala pang'ono. Jambulani galafu: nambala ya kuponya mmunsi, madayisi otsala m'mbali, ndipo mudutsitse mzere wokhota bwino pakati pa timadontho, osati kulumikiza kadontho ndi kadontho ndi rula. Kuchokera pa 60 pitani chopingasa mpaka mukhudze mzerewo, kenaka tsikani. Mufika pafupi ndi 3.8. Imeneyo ndiyo hafulaifu ya madayisi athu.

Musalekere pamenepo, chifukwa phunziro lenileni lili pa sitepe yotsatira. Funani pamene 60 yafika pa 30. Mupeza pafupi ndi 7.6, kutanthauza kuti papitanso 3.8 yomwe ija. Yambirani paliponse: kuchoka pa 100, pa kuponya koyamba, kufika pa 50 ndi pafupi ndi 4.8, kusiyana kwake 3.8. Kaya madayisi achuluke kaya achepe, nthawi yofikira theka ndi imodzimodzi.

Bwanji yankho si 3? Ngati 20 achoka ulendo uliwonse, 60 achoka pa maulendo atatu.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chimene sichisintha ndi mwayi wa dayisi aliyense, osati chiwerengero cha ochoka. Madayisi akamachepa, ochokanso amachepa, n'chifukwa chake mzere wa galafu umatsika mofulumira poyamba kenaka n'kumagona. N'chimodzimodzi ndi maganizo akuti mahafulaifu awiri amatha zonse. Woyamba umasiya theka, wachiwiri umasiya theka la thekalo, lomwe ndi gawo limodzi mwa anayi, wachitatu gawo limodzi mwa asanu ndi atatu.

Gulu lathu lapeza manambala osiyana ndi amenewa. Talakwitsa?

Mwina ayi. Pa kuponya koyamba kuchotsa 16 kapena 24 m'malo mwa 20 n'kwachizolowezi. Madayisi akatsala ochepa, monga 10, mukhoza kuponya osachoka ndi mmodzi yemwe, ulendo wotsatira n'kuchoka anayi. Phatikizani zotsatira za magulu onse a m'kalasi ndipo muona mzere ukusalala. Maatomu m'kachidutswa kakang'ono ka chinthu ndi mabiliyoni osawerengeka, ndiye kudumphadumpha kotereku sikuoneka.

Zolakwa zenizeni zimadziwika ndi maonekedwe a galafu. Ngati otsala akwera m'malo motsika, wina wabwezera m'chidebe madayisi ochotsedwa kapena wawerenga molakwa. Ngati manambala anu ali ngati 20, 17, 14, mukulemba ochotsedwa m'malo mwa otsala. Ngati mukugwiritsa ntchito timatabwa ndipo hafulaifu ikutuluka kutali ndi 3.8 nthawi zonse, mbali zake sizofanana.

Dayisi amene wapulumuka maulendo khumi, si ndiye kuti watsala pang'ono kuonetsa 6?

Ayi. Dayisi sakumbukira zimene zinachitika kale. Pa kuponya kwa nambala 11 mwayi wake ndi womwe uja wa pa kuponya koyamba. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndiyo yofunika kwambiri pa mutu wonsewu, chifukwa nyukiliyasi nayo simakalamba. Atomu ya yureniyamu imene yakhala m'thanthwe kuyambira dziko lisanakhale ndi zamoyo ili ndi mwayi wosweka lero wofanana ndi wa ina imene yangopangika kumene. Kugwedeza chidebe mwamphamvu sikuchulukitsa ma 6, ndipo kutenthetsa ayodini-131 kapena kumusungunula m'madzi sikufulumizitsa kusweka kwake.

Nanga n'chifukwa chiyani mahafulaifu amasiyana chonchi?

Sinthani lamulo: chotsani madayisi oonetsa 5 komanso oonetsa 6. Tsopano ulendo uliwonse achoka gawo limodzi mwa atatu, ndipo otsala akhala pafupifupi 120, 80, 53, 36. Hafulaifu yatsika kufika pa 1.7. Mwayi wosweka ukakula, hafulaifu imafupika. Nyukiliyasi ya ayodini-131 ili ndi mwayi waukulu wosweka pa sekondi iliyonse, pamene ya yureniyamu-238 mwayi wake ndi wochepetsetsa.

Madayisi amasiyana pati ndi maatomu enieni?

Madayisi amachoka pokhapokha taponya, koma maatomu amasweka mosalekeza, usana ndi usiku. Komanso atomu yosweka sizimirira. Ayodini-131 amasanduka zenoni-131. Mulu wa madayisi amene munaika pambali uja ukuimira maatomu atsopanowo, ndipo mukauphatikiza ndi otsala muyenera kupeza 120 nthawi zonse.

Pa mayeso funso limabwera motani?

Nthawi zambiri sapereka chiwerengero cha maatomu, amapereka kugunda kwa makina oyezera cheza pa mphindi imodzi, komwe kumatsika mofanana ndi maatomu otsala. Tiyerekeze kuti makina aikidwa pafupi ndi ayodini-131 ndipo akugunda ka 820 pa mphindi, pamene ayodiniyo atachotsedwa amagunda ka 20 chifukwa cha cheza chachilengedwe cha m'nthaka, m'makoma ndi chochokera kuthambo. Adzagunda kangati pakatha masiku 24?

Yambani mwachotsa 20 ija, chifukwa siyochokera ku ayodini ndipo sitsika: 820 − 20 = 800. Masiku 24 kugawa ndi 8 ndi mahafulaifu atatu. Gawani pakati katatu: 800 ikhala 400, kenaka 200, kenaka 100. Makinawo adzamvabe cheza chachilengedwe chija, ndiye bwezeranipo 20, yankho ndi 120 pa mphindi. Woiwala kuchotsa 20 poyamba amagawa 820 katatu n'kupeza 102.5, ndipo malikisi amuthawa.