"Ndasokoneza nambala, mayi, ndibwezereni"

Linali Lachisanu chakumadzulo, nthawi imene ogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe amayamba kupinda zovala, pamene foni ya alamu anga inalira kawiri motsatizana. Koyamba unali uthenga wakuti alandira K85,000. Asanamalize n'komwe kuwerenga, bambo wina anali atawaimbira kale, mawu akunjenjemera.

"Pepani mayi, ndasokoneza nambala imodzi. Ndalamayo ndi ya bokosi, tili ndi zovuta kuno ku Thyolo. Chonde ndibwezereni 80 yokha, inayo mugule zoziziritsa kukhosi."

Chapatali kunkamveka ngati anthu akulira. Alamu anga ndi mayi wa mtima wachifundo, ndipo maliro sachitira nthabwala. M'foni mwawo munali K96,300 yomwe amasonkhanitsa kuti akapikule belo Lolemba. Akanatumiza ndalama imene bamboyo amapempha, bwenzi ikuchoka pa mpamba wawo womwewo, chifukwa K85,000 ija sinalowemo n'komwe.

Chinawapulumutsa ndi mtsikana wa pa benchi yoyandikana, yemwe anagwirapo ntchito ya uejenti. Anangowauza kuti, "Amayi, dulani kaye foniyo, tione balansi."

Pa Airtel Money munthu amayimba *211#, pa TNM Mpamba amayimba *444#, n'kutsatira mndandanda mpaka pofunsira ndalama zotsala. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Yankho linabwera: K96,300, monga momwe inalili m'mawa. Ndalama ikanalowadi, panayenera kuoneka K181,300.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Uthenga wa pa foni ndi mawu chabe, ndipo aliyense yemwe ali ndi zala angathe kuulemba. Wakubayo amatenga uthenga weniweni womwe analandirapo kale, n'kusintha tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako n'kuutumiza ngati momwe mumatumizira moni kwa mnzanu. Chimene sangathe kusintha ndi kaundula wa kampani. Balansi imene mwaifunsa nokha, ndi zala zanu, imachokera m'kaundulamo.

Foni itadulidwa, awiriwa anauwerenganso uthenga uja mwachifatse, ndipo bodza linayamba kuonekera lokha. Pamwamba pake, pamene pamayenera kukhala dzina la kampani, panali nambala wamba ya munthu. Uthengawo unakhalanso pawokha, sunalowe m'gulu la mauthenga akale a ndalama omwe alamu anga amalandira tsiku ndi tsiku. Koma chimene chinamuseketsa mtsikana uja chinali kumapeto. Uthengawo unkati ndalama zonse m'foni tsopano ndi K85,000. Nanga K96,300 ija inapita kuti? Wakuba sadziwa zomwe muli nazo, ndiye amangolota. Ena ochenjerako amachotseratu mzere umenewu, kapena kulemba kuti balansi yatsekedwa kaye mpaka mutabweza.

Komabe dzina la pamwamba lisakugonetseni tulo. Maejenti amadziwa za kasitomala yemwe amabwereka foni "kuti alembe yekha nambala", pamene akusunga nambala yake m'fonimo pa dzina la kampani. Uthenga wake ukadzabwera, umaoneka ndi dzinalo. Zizindikiro zonsezi zimathandiza kukayikira basi. Mlandu umagamulidwa ndi balansi, komanso mndandanda wa ndalama zolowa ndi zotuluka womwe mungaufunse pa foni yomweyo.

N'chifukwa chake woimbayo safuna kuti mudule foni. Mukakhala mukumvera kulira kwake, simupeza mpata woyang'ana. Changu chimenechi, maliro kapena mwana wodwala, ndi kamphatso koti "inayo mugule sopo", zonse ntchito yake ndi imodzi. Kamphatsoko ndi kochenjera kuposa zonse, chifukwa kamamupangitsa munthu kumva ngati iyeyo ndiye akupindula.

Patapita kanthawi, foni inaliranso. Ulendo uno anali munthu wina wolankhula mwaulemu wa mu ofesi, akusakaniza Chingerezi. Anati ndi wa kukampani, walandira dandaulo, ndipo alamu anga akapanda kumvera akaunti yawo itsekedwa. Anati awatsogolera "kubweza": ayimbe zakuti, asankhe yakuti, alembe nambala yomwe awauze, amalize ndi PIN. Mukatsatira bwino malangizo oterowo, mupeza kuti ndi njira yomweyo yotumizira ndalama, kungoti nambala ya foni ndi kuchuluka kwa ndalamazo akuzitchula kuti ndi "makhodi". Kampani ikafuna kubweza ndalama yosokera, kaundula ali m'manja mwake. Ingafunenso PIN yanu ya chiyani?

Tsopano pali mbali yovuta, yomwe ambiri sailingalira. Bwanji mutayang'ana n'kupeza kuti ndalamayo yalowadi? Anthu amasokonezadi manambala, makamaka pa timafoni ta mabatani ofufutika. Ndalama yotereyi si yanu, ndipo kuidya kungakufikitseni kupolisi. Koma ngakhale pamenepa, ine ndimati musaibweze nokha.

Taganizani kuti alamu anga anapezadi K181,300, n'kutumiza K85,000 mwachifundo. Wotumizayo akhoza kukhala kuti wakadandaula kale kukampani kuti anasokoneza nambala. Kwa kampani, ndalama yomwe inu mwatumiza ndi ulendo wina watsopano, wosagwirizana ndi woyamba uja. Dandaulo lija likayenda, mungadzapezeke mukulimbana ndi kubweza kachiwiri ndalama yomwe munabweza kale.

Palinso njira ina yoipa kwambiri. Wakuba amanamiza munthu wachitatu, tinene wofuna nyumba ya lendi, kuti alipire pa nambala yanu. Ndalama ikalowa, amakuimbirani kuti wasokoneza, mubweze pa nambala ina "chifukwa foni inayo yatha moto". Inu mwatumiza, iye watapa kwa ejenti, wazimitsa foni. Wobedwayo akapita kupolisi, nambala yomwe ali nayo m'manja ndi yanu. Choncho mukaona kuti dzina ndi nambala za mu uthenga weniweni zikusiyana ndi zomwe akufuna kuti mubwezereko, imani pomwepo.

Chochita n'chosavuta, ngakhale chimafuna kuuma mtima pang'ono. Ndalamayo isiyeni momwemo osaikhudza. Muuzeni woimbayo kuti akadandaule yekha kukampani, apereke nambala ya umboni ya ulendo wa ndalamayo, yomwe ili mu uthenga wake. Inunso imbani nokha kukampani, pa nambala yomwe mukuidziwa kale, kapena pitani ku ofesi yake ndi chiphaso chanu. Munthu wosokoneza nambala moona amakondwa kumva kuti ndalama yake ilipo ndipo simutapa, poti chimene amaopa n'chakuti ikatapidwa, kuibweza kumavuta.

Wina angafunse kuti nanga anthuwa sagwidwa bwanji, chikhalirecho bungwe la MACRA linalamula mu 2018 kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe. Ena amagwidwa ndithu. Vuto n'lakuti akuba amagwiritsa ntchito masimu khadi olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, moti dzina lomwe limaoneka pa nambalayo lingathe kukhala la gogo wakumudzi yemwe sadziwa chilichonse. Ndi bwinobe kusunga uthengawo osaufufuta, pamodzi ndi manambala onse omwe anaimba, n'kukapereka kukampani ndi kupolisi. Ngati mwatumiza kale, imbani nthawi yomweyo, ndalama isanatapidwe.

Bambo wa maliro uja anaimbanso. Alamu anga anamupepesa mwamwambo, n'kumuuza kuti ayimbe kukampani, iwo avomera kuti ndalamayo ibwezedwe ngati ilipo. Mawu onjenjemera aja anauma pompo. Anawatukwana mawu osalembeka m'nyuzipepala, n'kudula. Mtsikana uja atayesa kuimba nambalayo m'mawa mwake, inali yosapezeka.