Bokosi Limodzi la Makalata, Manja Ambiri

Pa kampani yonyamula katundu, tinene kuti antchito 4 akuyang'anira adiresi imodzi ya imelo. Kasitomala walemba kufunsa mtengo wotumizira matumba a simenti. Mmodzi akuyankha, mnzake nayenso wayamba kale kulemba, ndipo kasitomala akulandira mitengo iwiri yosiyana. Akhulupirire uti?

Vuto limayambira pa chizindikiro chakuti kalata yawerengedwa. Mu bokosi logawana la Outlook, munthu mmodzi akatsegula kalata, imaoneka yowerengedwa kwa onse, koma sichisonyeza amene wayitsegula ngakhalenso ngati wayankha. Ena amayankhanso, pomwe ena amangoganiza kuti mnzawo wathana nayo, kalata n'kugona osayankhidwa.

Njira yodalirika ndi kutenga kalata poyera usanayambe kuyankha. Mu Outlook, aliyense amapatsidwa mtundu wake pa "Categorize", ndipo amayamba waika mtunduwo pa kalatayo. Mu Google Groups, "Collaborative Inbox" imalola kupereka kalata kwa munthu mmodzi ndi kuyitseka ndi "Mark as complete". Wofuna kupita kutchuthi achotse mtundu wake pa makalata omwe sanamalize, apo ayi anzake sawakhudza.

Palinso msampha wina. Yankho lotumizidwa m'dzina la bokosi logawana nthawi zambiri limasungidwa mu "Sent Items" ya wolembayo, anzake osaliona. Woyang'anira makompyuta angathe kusintha zimenezi pa Microsoft 365 kuti mayankho azisungidwanso m'bokosi la onse, ndipo ofesi iliyonse yogawana adiresi iyenera kumupempha kutero.