Kumene 6x imasowera pomasula mabulaketi

Wophunzira wa sekondale ku Chelstone akalemba kuti (x + 3)² = x² + 9, ambiri amati wangopupuluma. Ine ndikuona kuti mwanayo akutsata lamulo ndithu, koma pamalo olakwika. Anaphunzira kuti 2(x + 3) = 2x + 6 ndiponso kuti (3x)² = 9x², ndipo zonsezi n'zoona. Ndiye akuganiza kuti ka 2 kam'mwambako nako kamangogawidwa kwa zonse za m'bulaketi. Manambala amaulula bodzali msanga: (3 + 4)² ndi 49, pomwe 9 + 16 ndi 25. Yasowa 24, yomwe ndi 2 × 3 × 4. Akajambula sikweya ya mbali x + 3 n'kuigawa, amapeza zigawo zinayi: x², 9 ndi ziwiri za 3x. Ziwirizi ndizo 6x imene anaitaya.

Vuto lalikulu lili pa mafunso oyeserera, chifukwa ena amabisa cholakwa. Taonani (x + 2)² = x² + 4x + 4. Popeza 2 + 2 ndi 2² zonse ndi 4, mwana amene amawirikiza nambala yomaliza m'malo moichulukitsa ndi iyo yomwe amakhoza funsoli, mphunzitsi n'kuchonga osadziwa kanthu. Pa 3 ndiye sangabisale, poti 6 ndi 9 n'zosiyana. Poyesa yankho, kuika x = 0 n'kutaya nthawi, chifukwa x² + 9 ndi x² + 6x + 9 zonse zimapereka 9. Ndi x = 1, lolakwika limapereka 10 m'malo mwa 16.

Mafunso asanu osakaniza amaulula zambiri kuposa tsamba lonse la ofanana: (x + 3)², (3x)², (x − 3)², (x + 3)(x − 3) ndi (2x + 5)². Wolemba x² − 9 pa lachitatu wasokoneza funsolo ndi lachinayi. Wolemba x² − 6x − 9 waiwala kuti (−3) × (−3) ndi +9. Woyamba ndi 2x² pa lomaliza wasiya 2 osamuchulukitsa, pomwe yankho ndi 4x² + 20x + 25. Cholakwa chilichonse chimafuna mankhwala akeake.

Ena amati kusakaniza kumasokoneza ana, bola aloweze a² + 2ab + b² basi. Pa tsiku loyamba akunena zoona: mwana ayambe ndi mafunso ofanana, akulemba bulaketi kawiri, (x + 3)(x + 3), n'kuchulukitsa kanayi. Koma pa tsamba la mafunso ofanana amangobwereza njira ya funso lapamwamba, osasankha yekha lamulo. Pa mayeso a masamu a bungwe la ECZ palibe womuuza lamulo loyenera, ndipo (x − 3)² ikhoza kubisala m'kati mwa funso la galafu kapena la lamulo la Pythagoras, kumene kutaya 6x kumawononga mizere yonse yotsatira.